Kalata yotseguka kwa Woyang'anira Hositelo: za moto wa m'chipinda 14

Olemekezeka Bambo Wadeni,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa onse amene mumagwira nawo ntchito yoyang'anira hositelo yathu. Ndikuthokozanso chifukwa usiku wa Lachinayi lija munafika msanga atakuimbirani foni, ndipo munaonetsetsa kuti anayi tonsefe tapeza pogona. Munandiuza kuti ndilembe lipoti la zimene zinachitika, ndipo lipotilo ndi limeneli. Ndasankha kuti likhale kalata yoti aliyense awerenge chifukwa chikalata chimene mwamata pakhomo lalikulu, choti aliyense wopezeka ndi hita achotsedwa mu hositelo ndiponso kuti ife a chipinda 14 tilipire zonse zimene zinapsa, chikukhudza ophunzira onse, pamene ambiri mwa iwo angomva nkhaniyi m'maluwa.

Ndiyambe ndi mbali imene ili yathu. Hita imene inayambitsa motowo inali yanga. Ndinkadziwa kuti malamulo a hositelo saloleza hita m'chipinda, ndipo sindikufuna kubisala kumbuyo kwa wina aliyense. Koma ndikadangolemba kuti hita inatentha chipinda n'kusiyira pomwepo, ndikadakhala kuti ndakubisirani zambiri, chifukwa zimene ndinaona usiku umenewo zikundiuza kuti tinapulumukira mkamwa mwa mbuzi, ndiponso kuti zinthu zimene zikadatiphetsa zidakali momwemo mpaka lero.

Zinayenda motere. Chipinda chathu chili pamwamba, kumapeto kwa kolido, ndipo windo lake lina lilibe galasi kuyambira teremu yatha. Tinatsekapo ndi katoni. Mukudziwa mmene Juni amazizirira kuno kumapiri, makamaka chiperoni chikagwa masiku atatu otsatizana, zovala osauma, makoma akuchita thukuta. Madzulo a tsikulo ndinayatsa hita cha m'ma 5 koloko. Ndi hita ya timachubu tiwiri tofiira, ya mawati 2000, yokhala ndi maswichi awiri odina ndi chala. Ilibe chipangizo choizimitsa ikagwa kapena ikatentha mopitirira, monga zilili ndi mahita ena amakono. Cha m'ma 6 koloko magetsi anazima. Tinakhala pang'ono mumdima, kenako tinagwirizana zopita kukawerengera m'kalasi mmene mumakhala nyale za sola. Tinakhoma chitseko n'kumapita.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikupempha mnzanga aliyense amene akuwerenga kalatayi aonetsetse bwino. Magetsi akazima, hita imazizira ndipo imaoneka ngati yozimitsa, koma swichi yake imakhala idakali yoyatsa. Palibe chimene chimakukumbutsa, chifukwa kulibe kufiira, kulibe kutentha, kulibe phokoso. Ine sindinadine swichi ya hita, sindinadine ya pakhoma, ndipo sindinazule pulagi. Magetsi atayaka cha m'ma 9 koloko, hita inayakanso yokha m'chipinda chokhoma, mopanda munthu.

Chachiwiri ndi pamene hitayo inali. Pakati pa chipinda pali malo, ndipo ikadakhala pamenepo mwina tikadangopeza chipinda chofunda. Koma ife timaiika pakampata ka pakati pa bedi langa ndi tebulo, pamene munthu wosuzumira pakhomo sangaione. Tisanatuluke, mnzanga wina anaikankhiranso mkati ndi phazi, poganiza kuti mwina mudutsa kudzayendera zipinda ife kulibe. Bulangete langa linkalendewera m'mbali mwa bedi, motalikirana ndi timachubu ta hita ngati zikhatho ziwiri basi, ndipo pampando panali thaulo limene ndinkayanika. Hita ya mtundu umenewu imafunika kutalikirana ndi chinthu chilichonse chogwira moto ndi mita imodzi, chifukwa siitenthetsa mpweya wokha ayi: imaomba kutentha pa chinthu chimene yayang'anizana nacho, ngati mmene dzuwa limaombera pamalata. Nsalu siichita kufunika kukhudza hitayo. Imayamba yauma, kenako imawauka n'kuda, kenako imanyeka pang'onopang'ono ikufuka utsi, mpaka lawi limabuka.

Mungathe kutsimikiza zimenezi nokha ngati chipindacho sichinapentedwe. Pakhoma la kubedi kwanga mwaye wajambula chizindikiro chopapatiza m'munsi, chotambasuka m'mwamba, ndipo nsonga yake yam'munsi yaloza ndendende pamene panali hita. Bedi langa lapsa kwambiri mbali ya kuhita, pamene mbali ya kukhoma thabwa lidakalipo. Soketi ya pakhoma, imene ili kuseri kwa tebulo, yangoda ndi utsi kunja koma sinasungunuke mkati. Ndikunena zimenezi chifukwa ena akufalitsa zoti mawaya a m'khoma ndi amene anayambitsa moto, mwina pofuna kutithandiza. Si zoona. Motowu unayambira pabulangete.

Munandifunsa usiku uja kuti, nanga buleka inalekeranji kudula magetsi? Funso limeneli ndi lofunika kuliyankha bwino, chifukwa ambiri mwa ife timakhulupirira kuti buleka ndi mlonda wa ngozi iliyonse ya magetsi. Magetsi athu ndi a mavoliti 230. Mukagawa mawati a chipangizo ndi mavoliti mumapeza ma ampu amene chikukoka: 2000 ÷ 230 = 8.7. Fyuzi ya m'pulagi ndi ya ma ampu 13, ndipo buleka ya masoketi a mbali yathu yalembedwa 20. Choncho hita inkakoka magetsi ochepera pa malire a zonse ziwirizi. Kwa buleka, zonse zinali bwino, chifukwa hitayo inkagwira ntchito yake yeniyeni, yotentha. Buleka imaona kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya, siiona bulangete. Imadzadula pokhapokha moto ukasungunula pulasitiki wa chingwe mawaya n'kugundana, ndipo pofika pamenepo chipinda chimakhala chayaka kale.

Tsopano ndifike pa zimene zinachitika moto utadziwika, pakuti madandaulo anga agona pamenepa.

Amene anayamba kuudziwa ndi mnzathu wa chipinda 12, amene sanapite kokawerenga chifukwa ankamva mutu. Iye akuti anamva fungo ngati la pulasitiki wopsa, koma anaganiza kuti wina akuwotcha zinyalala panja. Anadzatuluka patapita nthawi, n'kuona utsi ukutuluka pansi pa chitseko chathu. Mu hositelo yonse mulibe kachipangizo ngakhale kamodzi kolira kakamva utsi, mulibenso belu la moto. Chimene chinadzutsa anthu ndi kukuwa kwa munthu mmodzi ndi kumenya zitseko. Ndikupemphani muganizire izi: magetsi akadayaka 2 koloko usiku, mnzathuyo ali m'tulo, ndani akadakuwa? Matiresi athu ndi a siponji, ndipo siponji ikamapsa imatulutsa utsi wakuda bii, wokhala ndi mpweya wapoizoni umene umakomola munthu asanaone n'komwe lawi. Munthu wogona sadzutsidwa ndi fungo la utsi monga ambiri timaganizira. Utsiwo umangomulowetsa m'tulo tozama.

Atatiimbira foni tinathamanga, ndipo ine ndi amene ndinatsegula chitseko ndi kiyi. Chogwirira chake chinali chotentha, ndipo ndikadakhala wodziwa ndikadazindikira kuti chimenecho ndi chenjezo. Nditangotsegula, moto umene unkanyeka m'munsi unalandira mpweya n'kudzuka, lawi linakwera katani mpaka kudenga, ndipo utsi unadzaza kolido kuyambira m'mwamba kutsika mpaka m'mapewa. Mnzathu wina wachaka chomaliza anandikoka n'kukokanso chitsekocho kuti chitsekeke. Ndikukhulupirira kuti chimene anachitacho ndi chimene chinapulumutsa zipinda zina, chifukwa chitseko chotseka chimaumana moto mpweya ndipo chimatsekereza utsi. Palibe anatiphunzitsapo zimenezi pasukulu pano. Iye anazidziwira ku ntchito ina imene ankagwira patchuthi.

Anthu anabwera ndi zidebe za madzi, koma mnzathu yemweyo anawaletsa kuthira chifukwa magetsi anali adakali oyaka ndipo hita inali idakali yolumikizidwa. Magetsi amadutsa m'madzi, ndipo wothira madzi pa chipangizo chimene chili ndi magetsi, ataima pansi ponyowa ndi mapazi opanda nsapato, akhoza kugwidwa ndi magetsiwo. Kuzula pulagi kunali kosatheka chifukwa soketi inali kuseri kwa moto. Chofunika chinali kuzimitsa swichi yaikulu. Bambo Wadeni, bokosi la mabuleka a hositelo yathu lili m'kachipinda ka pansi pa masitepe, ndipo kachipindako ndi kokhoma chifukwa mumasungiramo matsache ndi sopo. Kiyi anali ndi mlonda, mlondayo anali kugeti. Mnyamata amene anathamangira kugeti n'kubwera naye akuti panadutsa mphindi pafupifupi zisanu. Sindikuimba mlandu mlondayo, amene anathamanga ndithu pa msinkhu wake. Ndikudandaula kuti swichi yopulumutsa moyo ikukhomeredwa pamodzi ndi sopo.

Podikira kiyiyo tinathamangira chozimira moto. Cha pamwamba pathu sichinali pa mbedza yake. Tinachipeza kubafa, pamene anthu akhala akuchigwiritsa ntchito yotchingira chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Titasolola kapini n'kufinya, chinangoti fuu, n'kutha. M'mawa mwake ndinakachiyang'ana. Chili ndi kageji kozungulira pamwamba, ndipo muvi wake uyenera kukhala pobiriwira. Wa chimenechi unagona pofiira, kumanzere. Kapepala kolembapo tsiku limene amisiri anachiyendera komaliza kanafufutika moti sikawerengeka. Munthu aliyense akadatha kuona zimenezi pongodutsa, ndipo ine ndemwe ndadutsa pa chozimira motocho kambirimbiri osachiyang'ana, choncho manyazi ake ndi a tonse. Koma ntchito yoitana amisiri kuti aziyendera zozimira moto chaka ndi chaka si ya ophunzira.

Chimene chinazimitsa motowo ndi chozimira moto cha ufa, chija chokhala ndi chizindikiro cha buluu, chimene anyamata awiri anakachitenga ku hositelo yoyandikana nayo. Cha ufa ndi choyenera pa moto umene pali magetsi, monganso chija cha mpweya chokhala ndi chizindikiro chakuda. Cha madzi si choyenera. Koma chozimira moto cha m'manja, ngakhale chachikulu, chimatha pasanakwane theka la mphindi, choncho wosadziwa amachitaya chonse polasa malawi a m'mwamba. Mnzathu wachaka chomaliza uja anagwada pakhomo, n'kulunjika m'munsi pamene moto wagwira, akuyendetsa uku ndi uku. Magetsi atazimitsidwa tinamalizitsa ndi madzi, chifukwa ufa umagwetsa lawi koma suziziritsa mkati mwa matiresi, ndipo siponji imatha kubukanso. Matiresiwo tinawatulutsa panja, ndipo amodzi anayambadi kufukanso ali pa udzu.

Chimene chinandiopsa koposa zonse sichinali m'chipinda mwathu. Swichi yaikulu itazimitsidwa, hositelo yonse inada, ndipo mulibe nyale ngakhale imodzi ya batire m'makolido ndi pamasitepe. Anthu a zipinda za pamwamba anathamangira kukhomo lakumbuyo, limene lili pafupi ndi ife, n'kulipeza lomanga ndi tcheni ndi loko, monga lakhalira kuyambira pamene kunabedwa malaputopu chaka chatha. Anabwerera onse kudutsa mu utsi womwewo kupita ku masitepe a kutsogolo, akuunikira ndi mafoni, ena akukankhana. Mmodzi anagwa n'kubinya phazi. Mawindo onse ali ndi zitsulo zowotcherera, palibe ngakhale limodzi lotseguka. Ndiye kuti nyumba yogonamo anthu oposa zana inali ndi khomo limodzi lokha usiku umenewo, ndipo moto ukadayambira m'chipinda choyandikana ndi masitepe a kutsogolo, a pamwamba tonse tikadasowa kolowera.

Ndikudziwa chifukwa chimene munakhomera khomolo, ndipo ena mwa amene anapempha kuti likhomedwe ndi ife tomwe, titaberedwa. Koma nkhani ya khomo lokhoma pa nyumba yogona ophunzira si yachilendo. M'chaka cha 2001, pa sukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Kenya, anyamata 67 anafera m'nyumba yogona imene khomo lake lina linali lokhoma ndipo mawindo anali ndi zitsulo. Moto umenewo unachita kuyatsidwa dala, wathu unali wangozi, koma kwa munthu amene ali mkati kusiyana kumeneko kulibe ntchito. Alipo maloko amene amatseguka pongokankha uli mkati koma osatseguka uli kunja, ndipo amenewo amathetsa nkhawa zonse ziwiri, ya akuba ndi ya moto.

Pa za ovulala, mnzanga wa m'chipinda anapsa dzanja pofuna kukoka chikwama chake. Anthu okoma mtima anabwera wina ndi mankhwala otsukira mano, wina ndi dzira, wina ndi mafuta odzola. Mwamwayi panali wophunzira unamwino amene anakana zonsezo, n'kumuika dzanjalo pa madzi a pampopi kwa mphindi 20 asanapite naye kuchipatala. Bokosi la chithandizo choyamba la hositelo linali mu ofesi yanu, yokhoma. Nambala ya ozimitsa moto a khonsolo sinalembedwe paliponse, ndipo amene anayesa kuifufuza anaipeza moto utazima kale.

Ndiloleni tsopano ndikambe za chiganizo chanu chokhwimitsa chiletso. Ndikumvetsa kuti munthu waudindo akaona chipinda chakupsa amafuna kuchitapo kanthu msanga. Koma chiletso cha mahita chinalipo kale, ndipo sichinachotse mahita mu hositelo. Chinangowasamutsa kuwachotsa pakati pa chipinda n'kuwapititsa kunsi kwa mabedi, kuseri kwa makatani ndi m'makabati a zovala. Sindikunena kuti lamulo ndi limene linayatsa moto, pakuti amene anabisa hita ndife. Ndikunena kuti munthu amene akunjenjemera m'chipinda cha windo losweka, ali ndi mayeso m'mawa, sasiya kufuna kutentha chifukwa chilango chakula. Amangobisa mwaluso kwambiri, ndipo malo onse obisalira m'chipinda cha wophunzira ndi odzaza nsalu ndi mapepala. Kuyambira pamene munamata chikalata chija, ndamva kale ena akukambirana zogula mbaula ya makala, poti iyo siisiya umboni pa mita ya magetsi. Mbaula m'chipinda chotseka ndi yoopsa kuposa hita, chifukwa makala amatulutsa mpweya wopanda fungo ndiponso wosaoneka umene umapha anthu ali m'tulo.

Akuluakulu amati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire latsala lambiri mu hositelo muno. Motowu sunayambire m'mawaya, koma ndili ndi mantha kuti wotsatira udzayambira kumeneko. Zipinda zathu anazimangira anthu awiri, ndipo chilichonse chili ndi soketi imodzi. Lero timagonamo anayi, aliyense ndi foni ndi laputopu, kuwonjezerapo ketulo ndi simbi. Zonsezi zimadyera pa ekisitenshoni imodzi, kawirikawiri yotchipa ya pamsika, ndipo m'zipinda zina ekisitenshoni imalumikizidwa pa inzake. Machaja a mafoni ndi malaputopu si vuto, chifukwa amakoka magetsi ochepa. Vuto ndi zipangizo zotenthetsa.

Tiyeni tiwerengere chipinda chimodzi. Hita ya mawati 2000 ikukoka ma ampu 8.7. Wina akuyatsa ketulo ya mawati 2200 pa ekisitenshoni yomweyo, imene ikukoka ma ampu 9.6. Pamodzi akwana 18.3, pa chingwe ndi pulagi zimene malire ake ndi 13, kapena kuti mawati pafupifupi 3000. Kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi ma ampu ayi, kumakwera mofulumira kuposa pamenepo, moti pa ma ampu 18 wayayo amatentha pafupifupi kawiri poyerekeza ndi pa 13. Buleka ya 20 siidula, chifukwa 18 sanafike pa 20. Fyuzi ya 13 nayonso siiduka nthawi yomweyo. Imatha kupirira ma ampu 18 kwa nthawi yaitali ikungotentha. Ndipo m'zipinda zambiri fyuziyo kulibe n'komwe, chifukwa itapsa anthu anakulungapo kapepala konyezimira kapena kawaya, ena amangolowetsa mawaya awiri osenda m'soketi, atatsegula kabowo kapamwamba ndi chivindikiro cha cholembera. Izi ndaziona ndi maso anga, ndipo nanenso ndinazichitapo ndili chaka choyamba.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona kwa munthu amene akuzifuna. Soketi imene yasanduka yofiirira kapena yakuda m'mbali mwa timabowo ndiye kuti yakhala ikutentha. Pulagi imene imagwedera ikalowetsedwa, kapena imene imatentha moti sungaigwire bwino ketulo ikawira, ndiye kuti zitsulo za mkati sizikugwirana zolimba, ndipo polumikizira polobodoka ndi pamene kutentha kumasonkhana. Kulira kwa tsetsetse m'soketi, fungo ngati la nsomba kapena la pulasitiki, ndi chingwe chofewa chifukwa cha kutentha, zonsezi ndi chenjezo. Loweruka ndinayenda ndi anzanga awiri m'zipinda 20 za pamwamba, eni ake atatilola, ndipo tinapeza masoketi owauka m'zipinda zisanu ndi ziwiri. Atatu mwa iwo analembedwa kale m'buku la zokonza limene lili pakhomo la ofesi yanu, ndipo soketi imodzi ili m'bukumo kuyambira teremu yoyamba. Windo lathu losweka lija lilinso m'buku lomwelo, ndipo linalembedwa kawiri.

Pa nkhani ya kulipira, sindikuthawa. Matiresi awiri, katani, mpando, tebulo ndi penti ya chipinda ndi zinthu zimene zinaonongeka chifukwa cha kusasamala kwanga, ndipo ndine wokonzeka kukambirana za kalipiridwe kake. Chimene ndikukana ndi chakuti anzanga awiri amene sanagule hitayo, sanaiyatse ndipo sanaikankhe, alipire mofanana ndi ine, pamene iwonso mabuku ndi zovala zawo zapsa. Ndikukananso kuti pa mndandanda wa zolipira pakhale kudzazitsa zozimira moto ziwiri, pamene chimodzi chinali chopanda kanthu moto usanayambe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho mwaulemu ndikupempha zotsatirazi.

1. Tcheni cha pakhomo lakumbuyo chichotsedwe lero lomwe, osadikira msonkhano uliwonse. Podikira kugula loko wotseguka pongokankha uli mkati, kiyi wa khomolo aikidwe m'kabokosi kagalasi pambali pake, ndipo ngati nkhawa ndi akuba, mlonda azizungulira mbali imeneyo usiku. Pa nsanjika iliyonse, zitsulo za windo limodzi la kolido zikonzedwe kuti zizitseguka kuchokera mkati.

2. Kachipinda ka mabuleka kasamakhomedwe. Sopo ndi matsache zipezeredwe malo ena, buleka iliyonse ilembedwe zipinda zimene imadyetsa, ndipo swichi yaikulu ikhale ndi chizindikiro chooneka ndi tochi.

3. Zozimira moto zonse ziyenderedwe ndi amisiri ake sabata ino, zibwezeretsedwe pa mbedza zake, ndipo tsiku loyendera lizilembedwa mooneka. Ife tidzasankha wophunzira mmodzi pa nsanjika iliyonse woti aziyang'ana mageji mwezi ndi mwezi n'kusaina m'buku.

4. Muikidwe tizipangizo tolira tikamva utsi m'zipinda ndi m'makolido, pamodzi ndi nyale za batire pamasitepe ndi pamakomo onse awiri. Ngati ndalama sizikwana zipinda zonse nthawi imodzi, yambani ndi makolido ndipo mutiuze mwezi umene zotsalazo zidzaikidwe.

5. Mmisiri wa magetsi wovomerezeka ayendere chipinda chilichonse, asinthe masoketi owauka ndi ogwedera, ndipo anene ngati mawaya a nyumbayi angathe kunyamula masoketi owonjezera. Lipoti lake limatidwe pabolodi. Pa ulendo umenewo pasakhale kulanda katundu kapena kulemba maina, chifukwa anthu akaopa adzabisa zinthu zomwezo zimene mmisiriyo akufunika kuziona.

6. Mawindo onse osweka aikidwe magalasi kuzizira kusanathe, ndipo pakhale chipinda chimodzi chowerengera mu hositelo chokhala ndi hita yokhomerera kukhoma, imene ili ndi chingwe chakechake chochokera ku bokosi la mabuleka, kuti munthu wozizidwa akhale ndi kopita. Pakhalenso malo ofolera oyanikapo zovala nthawi ya chiperoni, ndi malo amodzi a simenti owiritsirapo madzi ndi kusitirapo. Zimenezi zikachitika, chiletso cha mahita m'zipinda chidzakhala chotheka kuchisunga, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuchiteteza.

7. Kumayambiriro kwa teremu iliyonse tiziyeserera kutuluka m'nyumbayi ngati kwabuka moto, kamodzi masana ndi kamodzi usiku, ndipo ozimitsa moto aitanidwe kudzationetsa kagwiridwe ka chozimira moto. Nambala zawo, za chipatala ndi zanu zilembedwe pa nsanjika iliyonse, ndipo bokosi la chithandizo choyamba lituluke mu ofesi.

8. Mndandanda wa zolipira uunikidwenso pamaso pa oimira ophunzira, ndipo anzanga awiri aja achotsedwepo.

Kuchotsa tcheni ndi kusiya kukhoma kachipinda ka mabuleka sikufuna ndalama iliyonse, choncho tikuyembekeza kuziona zitachitika Lachisanu lisanafike. Pa zotsalazo, tikupempha yankho lolemba pasanathe masabata awiri, lonena chimene chichitike, amene achite ndi tsiku lake. Ngati zina mwa izi zili pamwamba pa mphamvu za ofesi yanu, tiuzeni ofesi imene tikagogode, ndipo tidzapita nanu limodzi.

Kwa anzanga amene mukadali ndi mahita m'zipinda, podikira yankho la a Wadeni ndikupemphani chinthu chimodzi chimene ine sindinachite: magetsi akangozima, musanafufuze n'komwe tochi, zulani pulagi ya hita, ya simbi ndi ya ketulo pakhoma.

Hita yanga ili m'manja mwa mlonda wamkulu monga munalamulira. Ndapempha kuti isatayidwe, ndiponso kuti chipinda 14 chisapentedwe kufikira mmisiri wa magetsi ndi oimira ophunzira ataona khoma lija. Makope a kalatayi ndapereka kwa mkulu woona za ophunzira ndi kwa komiti ya hositelo.

Ine wanu mwaulemu,

Wophunzira wa chaka chachitatu, wa chipinda 14